Mzere Wofiira pa Foni ya Apongozi

Nyumba imene a esiteti anandipatsa inali ndi magetsi, mpopi panja ndi chimbudzi chosalimbirana ndi munthu. Lamulo lake linali limodzi lokha. Nyumba za makalaliki ndi za mabanja, ndiye ukapanda kulowamo ndi mkazi wako pakutha pa mwezi wotsatira, makiyi amapita kwa wina. Winayo ndinkamudziwa. Anali kalaliki mnzanga wa pasikelo pamene timayeza masamba a tiyi, ndipo anali atayamba kale kundifunsa kukula kwa mawindo, ati angofuna kudziwa basi.

Mkazi ndinali naye, koma sanali woti n'kungomunyamula ngati dengu. Ndinali mkamwini, ndinkakhala kwawo, pamalo a mayi ake. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana mwachindunji, ndipo akakumana panjira mmodzi amapatuka. Anzanga ambiri anazitaya kale zimenezi, koma apongozi anga anali a mwambo wakale, ndipo wopatukayo nthawi zonse ndinkakhala ine. Ndalowapo m'minda ya tiyi kambirimbiri m'mawa, mame mpaka m'chiuno, nditavala buluku losita, kungoti iwo adutse ndi nthochi zawo pamutu. Sindinkadandaula mokweza. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Apongoziwo anali ndi okala m'mbali mwa msewu wafumbi umene anthu othyola tiyi amadutsa akaweruka. Ankagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira, usipa ndi tina totero. Ankalandiranso maoda. Munthu akafuna thumba la ufa, feteleza kapena malata angapo, iwo ankakamugulira ku Luchenza, iye n'kumabweza pang'onopang'ono. Pafupifupi zonse zinkatuluka pa ngongole, kudikira tsiku la malipiro ku esiteti. Wosunga maakaunti anali mkazi wanga, ndipo ankalemba pa zikatoni zong'amba zimene ankazitsomeka kudenga. Chaka china mvula inadontha n'kukhululukira anthu a laini yonse ya nyumba za antchito.

Ndinapita kwa atsibweni ake a mkazi wanga, eni mbumba, nkhuku ili m'khwapa, kukapempha kuti nditenge banja langa. Nkhuku analandira. Anakafunsa mlongo wawo, yankho n'kubwera lalifupi: «Mwana akachoka, maakaunti andigwirira ndani?»

Ndinapsa mtima, sindibisa. Nyumba ya magetsi indiphonye chifukwa cha zikatoni! Koma mkamwini asakule mwendo, choncho mkwiyo wanga ndinaupititsa ku nzeru. Kuntchito makilogalamu onse a masamba tinkawalowetsa mu sipuredishiti, tebulo la pakompyuta lowonkhetsa lokha manambala, ndipo apongozi anali ndi foni yamakono imene mwana wawo wa ku Joni anawatumizira. Kuwerenga ankatha bwinobwino, anakhalapo msungichuma wa amayi a kutchalitchi. Ndinauza atsibweni kuti ndipanga chinthu choti mayi azisungira okha maakaunti pafoni, mopanda mwana wawo. Atsibweni anandiyang'ana ngati ndawalonjeza kuti mbuzi iziphika yokha. Kenako anagamula kuti tiyese mwezi wathunthu, mkazi wanga asakhudze za mu okala, azikakolola nandolo. Chikayenda bwino, tidzakambirana.

Tsono munthu sungapange sipuredishiti osamufunsa mwini ntchito mmene amagwirira. Apa ndi pamene panagona vuto. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi ndinakhala pa kireti kuseri kwa okala, apongozi ali mkati, mkazi wanga ataima pa kawindo ka pakati pathu. Khoma lake linali la njerwa imodzi. Ine ndinkamva ngakhale apongozi akamameza malovu, iwonso ankandimva bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo.

«Afunseni mayi,» ndinatero, «munthu akatenga katundu amafuna kudziwa chiyani?»

«Auze kuti ndimafuna kudziwa ngati adzalipire,» anayankha apongozi mkatimo.

Mkazi wanga anatembenukira kwa ine nkhope ili phee. «Akuti tsiku, dzina, katundu wake ndi mtengo.»

«Nanga akabwera kudzalipira?»

«Auze kuti mafunso amenewo ndi a kupolisi.»

«Akuti tsiku, dzina ndi ndalama,» anatero mkazi wanga.

Tinayenda choncho masana onse. Mawu ankachoka kwa apongozi ali ndi minga, n'kufika kwa ine atasendedwa. Anganso ankasendedwa chimodzimodzi. Pamene ndinanena kuti zikatoni si njira yosungira chuma m'dziko la anthu ophunzira, mkazi wanga anauza mayi ake kuti abambo akuyamikira khama lanu. Tonse awiri tinamva bodzalo, ndipo tonse tinalilandira ndi manja awiri.

Sipuredishiti ija ndinaipanga pa kompyuta ya kuofesi pa nthawi ya nkhomaliro, anzanga ali kokadya. Sindidzitama, koma inali yokongola. Inali ndi masamba atatu. Tsamba loyamba ndinalitcha Maoda, ndipo makolamu ake anali tsiku, dzina, katundu, kuchuluka kwake, mtengo wa chimodzi, ndi zonse pamodzi. Kolamu yomalizayi sinkafuna chala cha munthu, inali ndi fomula yochulukitsa. Ukalemba mapaketi awiri a shuga pa K3,500, yokha inkatulutsa K7,000. Ngongole zakale za pazikatoni ndinazilowetsa momwemo, munthu aliyense mzere umodzi, pa katundu n'kulemba kuti «zakale». Tsamba lachiwiri linali Malipiro: tsiku, dzina, ndalama, basi. Lachitatu, Zotsala, ndi limene linali mtima wa zonse. Kasitomala aliyense anali ndi mzere wake umodzi. Fomula yotchedwa SUMIF inkapita ku Maoda, n'kufunafuna dzina lake paliponse pamene lalembedwa, n'kuphatikiza zonse zimene watenga. Ina yofanana nayo inkachita zomwezo ku Malipiro. Yachitatu inkachotsera zolipira pa zotenga. Ndinaikanso lamulo loti ngongole ikapitirira K30,000, mzere wonse ufiire. Mtundu wake ndinasankha ndekha, wofiira kwambiri, woti munthu auone ali tsidya la msewu.

Mayina ndinawasamala kwambiri. Apongozi sadziwa munthu ndi dzina la pachitupa. Kwa iwo kuli amake a mapasa, kuli kapitawo wa chipewa, kuli abambo a njinga yopanda mabuleki. Fomula ija ndi yokhwima mtima kuposa woweruza milandu, ukalemba «amake mapasa» lero, mawa «amake a mapasa», imati ndi anthu awiri. Ndiye ndinaikonza moti dzina lisamalembedwe pamanja, uzingogunda kabokosi n'kusankha pa mayina amene ali kale ku Zotsala. Dzina langa apongozi sakanalitchula ngakhale pafoni, choncho mzere wanga unalembedwa kuti «akamwini».

Nditaiika mu foni ya apongozi, mkazi wanga ndiye anawaphunzitsa. Tsiku loyamba chala chawo chachikulu chinafufuta fomula ziwiri, ndipo ndinatseka timabokosi tonse ta mafomula kuti tisamalembeke. Lachiwiri anali atazolowera, moti ankagunda foniyo mofulumira kuposa bwana wathu wa kuofesi. Madzulo ake ndili pakireti panga ndinamva akufunsa:

«Afunse, pa malipiropa kabokosi ka dzina n'kamodzi kokha?»

Mkazi wanga anandifunsa. Ine ndinali nditatopa, ndiponso ndinali nditayamba kudzimva kuti ndine injiniya.

«Kamodzi n'kokwana,» ndinayankha. «Munthu mmodzi, dzina limodzi. Makina safuna nkhani zambiri.»

«Akuti kamodzi n'kokwana, amayi.»

«Oo,» anatero apongozi.

Apa ndifotokoze mmene ndalama zimafikira pa okala tsiku la malipiro, chifukwa amene sanakhaleko ku tiyi sangadziwe. Si aliyense amene amapita yekha. Ena amakhala malaini akutali, ena amaweruka mochedwa, ena amadziwa kuti akadutsa ndi ndalama m'thumba pamalo ogulitsira kachasu, sizifika. Ndiye amatuma munthu. Kwathu wotumidwa anali bambo wina wa kabaza, mnzanga kuyambira kusukulu, wamiyendo italiitali, wanthabwala, koma wosaba. Ankaima pageti la esiteti, anthu n'kumamupatsa ndalama zawo zokulungidwa m'timapepala, iye n'kupalasa kukatula. Ine ndinali kasitomala wake wokhazikika. Zinthu za panyumba panga zinkatengedwa ndi mkazi wanga n'kulembedwa kwa ine, koma kukaima pakauntala ya apongozi ndi ndalama m'manja sindikanatha. Kupatsira mkazi wanga ndinasiya kale, chifukwa ndalama zodutsa pakati pa mayi ndi mwana wake zimakambirana zokha panjira, mawa umangoona chitenje chatsopano. Mkamwini wanzeru amalipira apongozi pali mboni.

Mwezi uja ndinatuma ndalama zanga zonse kudzera mwa wa kabaza monga mwa masiku onse. Foni sindinaione ngakhale kamodzi. Inkakhala yomangidwa pa nsonga ya chitenje cha apongozi, malo amene mkamwini sangapemphe kuyenderako. Ndinkafunsa mkazi wanga, iye n'kunena kuti mayi sakudandaula. Ndinagula makatani.

Tsiku lachigamulo linali Loweruka, kukuwaza chiperoni. Atsibweni anabwera atavala jekete la pamaliro ndi paukwati, n'kukhala pampando pakhonde la okala. Ine ndinakhala pakireti panga pakona, pamene ndinkaona atsibweni koma osaona apongozi. Mkazi wanga anakhala pamphasa pakati. Wa kabaza anali pomwepo, akuti wabisala mvula, koma aliyense ankadziwa kuti wamva fungo la nkhani. Panalinso amayi angapo amene anabwera kudzagula machesi n'kuiwala kubwerera.

Foni inatuluka pawindo, n'kudutsa m'manja mwa mkazi wanga, n'kufika kwa atsibweni. Ndinawauza kuti agunde tsamba lachitatu. Anavala magalasi, anaisendeza kutali, anaibweza pafupi.

«Zofiirazi ndiye chiyani?»

«Amenewo ndi angongole zikuluzikulu, bambo,» ndinayankha monyadira. «Makina amawagwira okha, alibe chibale.»

«Alibedi chibale,» anatero atsibweni. «Pano palembedwa kuti akamwini. Atenga za K58,000. Alipira ziro. Akamwini pamudzi pano alipo angati?»

Ndinalipo ndekha. Mutu unaima. Amayi a machesi aja anasendera pafupi.

«Pali cholakwika, bambo. Ndinalipira zonse.»

«Mwangonena kumene kuti makina amagwira okha.» Anapitiriza kutsitsa ndi chala. Kapitawo wa chipewa anali wofiira. Amake a mapasa anali ofiira, ndipo mwatsoka anali m'gulu la ogula machesi. Anadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu, akuti iwo chibadwire sanadyepo ngongole ya munthu, afunseni wa kabazayu. Atsibweni anafika pa mzere wa wa kabaza n'kuima.

«Nanga kamzere aka kali kutsogolo kwa nambalaka?»

Ndinadziwa ndisanayang'ane. Inali mayinasi. Ndinafotokoza ndi mawu otsika kuti mayinasi imatanthauza kuti munthuyo walipira zoposa zimene anatenga, ndiye okala ndi imene ili naye ngongole.

«Zingati?» anafunsa wa kabaza, khosi litatalika.

«K212,000,» anawerenga atsibweni.

Munthu uja anavula chipewa, anagwada pamatope, n'kukweza manja kumwamba. Akuti ankadziwa kuti tsiku lina Mulungu adzamukumbukira. Akuti njinga yopalasa waisiya lero, mawa akukapereka dipoziti ya njinga yamoto ku Luchenza. Anandigwira dzanja n'kunditcha mneneri. Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, anene zoona kuti ndinamupatsa ndalama pageti.

«Achimwene, ine ndine ndani kuti nditsutsane ndi kompyuta? Sukulu ndinalekera panjira. Inu ndi amene munaphunzira.»

Ndikanakhala ndi mwala pafupi, bwenzi nkhaniyi ndikulembera kundende.

Ndinapempha foni n'kutsegula tsamba la Malipiro. Zonse zinali poyera. Mzere pambuyo pa mzere, ndalama zosiyanasiyana, dzina limodzimodzi la wa kabaza. K58,000 yanga inali pomwepo, tsiku lake lolondola, itakhala pansi pa dzina la munthu wa miyendo italiitali. Mkazi wanga anasuzumira n'kugwira pakamwa. Anandinong'oneza kuti mayi chiyambire amalemba dzanja limene lawapatsa ndalama, osati mwini wake, chifukwa ndalama zikapezeka zoperewera umagwira amene anazibweretsa. Anaphunzira zimenezo ali msungichuma. Pa zikatoni paja iye ankalemba mayina awiri, la wobweretsa ndi la mwini ngongole, koma sanaganize kuti n'chinthu choti n'kuchitchula. Kabokosi kanali kamodzi, ndipo apongozi anasankha dzina limene kwa iwo linali lofunika.

Ndinayesa kufotokozera atsibweni. Ndinawaonetsa kuti ndalama zonse zimene okala yalandira n'zolondola, palibe tambala imene yasowa, zangokhala m'mizere ya eni ena. Anamvetsera mwaulemu ngati mmene amamverera ulaliki wa mlendo.

«Ine za mizere sindizidziwa,» anatero. «Ndikuona zinthu ziwiri. Ngati foniyi ikunena zoona, ndiye kuti mukufuna kutenga mwana wathu pamene shuga wa mwezi umodzi wakukanikani. Ngati ikunama, ndiye kuti mlongo wanga sangatsale nayo yekha. Sankhanipo chimodzi.»

Mkazi wanga anati analipira, malume, ndikudziwa. Atsibweni anati mkazi sachitira umboni mwamuna wake, makamaka mkazi amene wamva za magetsi.

Ndinawapempha kuti andipatse kanthawi, ndikonza pomwepo. Chiperoni chinkadonthera pagalasi la foni. Kolamu ya dzina ku Malipiro ndinaisintha mutu kuti ikhale «Wobweretsa». Pambali pake ndinatsegula ina yatsopano, «Za ndani», n'kukoperamo mayina onse, poti ambiri anadzilipirira okha. Kenako ndinatsegula loko wa mafomula, n'kuuza SUMIF ya malipiro kuti isiye kuyang'ana kwa wobweretsa, iziyang'ana ku kolamu yatsopanoyo. Ntchito yake inali yochepa, yosafika ndi nthawi yowiritsa tiyi. Koma manambala sanasinthe, ndipo sakanasintha, chifukwa m'mizere ya wa kabaza munali mukadali dzina lake mbali zonse ziwiri. Panafunika munthu woti anene kuti ndalama iyi inali ya uje, iyi ya uje. Wa kabaza anali atayamba kufunsa amayi aja mtundu wa njinga yamoto umene ungamukhale. Wotsala anali mmodzi yekha, ndipo anali kuseri kwa khoma.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti chiyambireni mlanduwo apongozi sanatsokomole n'komwe. Ankadziwa kuti ndinalipira. Timapepala tonse tija anamasula ndi manja awo, wa kabaza akutchula mwini wake. Mzere wofiira uja anauona tsiku ndi tsiku kwa theka la mwezi, ali chete. Sananame, sananeneze munthu. Anangofunsa funso limodzi tsiku lija, n'kuyankhidwa mwamwano ndi injiniya, n'kusiya makina a mkamwini adye mwini wake. Ndinakwiya kwambiri moti makutu anatentha. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ine ngakhale kunena kuti amayi, nenani zoona, sindikanatha. Ndinayang'ana mkazi wanga kuti awafunse. Anayang'ana pansi n'kumatosa mphasa ndi chala. Iyenso anali atamvetsa kuti dzina lililonse limene mayi ake angakonze likumusendezera kumsewu.

Madontho ankagwa kuchokera pamalata. Mkwiyo wanga unayamba kuphwa, m'malo mwake munalowa chisoni chimene sindinachiitane. Ana ena onse a apongozi anali kutali, wina ku Joni, wina ku Limbe, ndipo bambo wa pakhomopo anamwalira ine ndisanabwere. Okala ija ankakhalamo awiri, iwo ndi mkazi wanga, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akusenda nandolo ndi kujeda anthu odutsa. Ine ndinamva mawu akuti maakaunti n'kuthamangira kukapanga makolamu.

Amene anayamba kuchitapo kanthu anali amake a mapasa. Anapita pawindo n'kunena kuti iwo za chikamwini sizikuwakhudza, koma dzina lawo lichoke pa zofiira lero lomwe, apo ayi sopo azikagula ku Luchenza.

Mkatimo munamveka mpando ukukhwekhwerezedwa. Kenako mawu:

«Auze awerenge.»

Ndinawerenga ndalama ya mzere woyamba. Apongozi anati ya amake a mapasa. Ndinasankha dzinalo mu kolamu yatsopano, n'kupita ku Zotsala, ndipo kufiira kwa mayiwo kunazimiririka atsibweni akuona. Anavula magalasi n'kuwapukuta. Wachiwiri unali wa kapitawo. Pa wachitatu apongozi anakangana ndi wa kabaza, amene anali atasiya maloto ake pang'ono poona kuti chuma chake chikuphwa, ndipo wolondola anapezeka kuti ndi wa kabazayo. Iwiri ina palibe amene anaikumbukira bwino, tinaisiya kuti eni ake adzafufuzidwe Lolemba. Mayinasi ija inkachepa mzere uliwonse, wa kabaza akubuula ngati akumuzula dzino.

Nditafika pa K58,000 apongozi anati: «Auze adumphe kaye imeneyo.»

Ndinadumpha. Tinamaliza ina yonse. Tinabwereranso pomwepo, poti panalibenso kwina kopita. Ndinaiwerenganso, mawu anga akumveka ngati a mwana wa sukulu. Mkazi wanga anaimirira pawindo, wokonzeka kunyamula yankho. Ndinamva apongozi akusuntha mabotolo a mafuta amene sanafunike kusunthidwa.

«Ndi yawo,» anatero pomaliza. «Amalipira mwezi uliwonse. Sanaphonyepo.»

Mkazi wanga sanabwereze. Ndinagunda dzina lakuti akamwini, mzere wanga n'kuyera, balansi ziro. Wa kabaza anatsala ndi tindalama tiwiri tija ta eni osadziwika, ndipo anapempha kuti ngati Lolemba sapezeka, asaiwalidwe.

Atsibweni anakonza kukhosi. Anati chabwino, ngongole palibe, makinanso aoneka kuti akalangizidwa amamva. Koma mawu omaliza si awo, mwana ali ndi mayi ake. Anatembenukira kuwindo n'kufunsa mlongo wawo kuti akuti bwanji. Apongozi anangoti foni ibwere. Inadutsanso njira yake, kwa ine, kwa mkazi wanga, pawindo.

«Afunse, kasitomala watsopano amalowa bwanji?»

Ndinadabwa, koma ndinafotokoza. Apite ku Zotsala, alembe dzina pa mzere woyamba wopanda kanthu, mafomula ndinawatsitsa kale mpaka pansi, ndipo dzinalo liyamba kuoneka pa mayina osankha. Tinamva kugunda kwa chala, pang'onopang'ono, kufufuta, kugundanso. Patapita nthawi dzanja linatuluka pawindo n'kupereka foni kwa mkazi wanga.

Anayang'ana, n'kukhala pansi pamphasa. Ndinasuzumira paphewa pake. Pansi pa mayina onse panali dzina lake lenileni la ubatizo, lolembedwa lonse, lotsatana ndi dzina la kwathu kwa ine. Watenga ziro, walipira ziro. Mu okala imeneyo mwana wa pakhomo salembedwa, amangolowa n'kutapa mchere. Amalembedwa ndi anthu ochokera kunyumba zawo.

«Nayenso ali ndi ngongole?» anafunsa atsibweni, akufunafuna magalasi.

Mkazi wanga ankalira mosabisa, foni ili pachifuwa, ndipo ine amene ndinapambana mlandu ndinkangoyang'ana matope a pansapato zanga, chimwemwe ndi manyazi zitandigwira nthawi imodzi. Mkati mwa okala mawu anamveka okwera kuposa masiku onse, olunjika kwa ine, osadutsanso mwa munthu:

«Mukamabwera kudzagula, muzibwera naye. Musamatume wa kabaza.»